Mmene Ndinasiyira Njinga za ku Masasa

Zomba ndi Mzuzu, 1979 mpaka 2012

Ana anga, za ubwana wanga ku Chiradzulu ndinakusimbirani kale pakamwa, ndipo sindizibwereza. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito ya umakaniko pa galaja ya galimoto za boma ku Zomba. Kapitawo wathu anali a Mponda, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankayendera ntchito yathu manja ali kumbuyo ngati akuyendera munda wa eni. Sankakalipa. Akaona kuti nati sunaimange bwino ankangoigwira ndi zala ziwiri, n'kuimasula, n'kukuikira m'thumba la ovolosi, iwo n'kumapita. Unkatsala wekha ndi manyazi ako. Masiku amenewo zipangizo zinkasowa kwambiri. Kuseri kwa galaja kunali galimoto zakufa zimene tinkazitcha kuti kumanda, ndipo kumeneko n'kumene tinkagula popanda ndalama: kuchotsa pampu pa lole yakufa, kuisema pang'ono, kuiika pa ambulansi kuti mawa inyamule odwala. Luso lodzutsa chinthu ndi zidutswa za chinzake ndinaliphunzira kumeneko.

Mu 1988 ananditumiza ku Mzuzu. Mayi anu analira njira yonse, poganiza kuti tikupita kutchire. Tinafika nthawi ya mvula ya mawawa, matope ofiira mpaka m'akakolo, kuzizira kolowa m'mafupa. Anzanga a pa galaja ankandipatsa moni wa "Mwawuka uli?" ine n'kumangoti zikomo, iwo n'kumaseka. Tinkati tikhala zaka ziwiri. Tinakhala zaka zoposa makumi atatu. Tadala ndi Yamikani, nonse munakulira kumeneko, ndipo Chitumbuka munkachilankhula bwino kuposa chilankhulo cha makolo anu. Tinagula malo ku Lupaso, tinamanga nyumba, ndipo pamene ndinkapuma pa ntchito mu 2012 panalibe amene ankakamba zobwerera ku Chiradzulu.

Masasa, 2013 mpaka 2022

Kupuma pa ntchito kunandidwalitsa. Munthu wozolowera kudzuka ndi sipanala sangakhale pakhonde n'kumawerenga nkhuku. Tsiku lina ndili mumsika, pa sitolo ya Che Jafali, Myao wa ku Mangochi amene ankagulitsa zipangizo za njinga, panafika mayi wina pa njinga ya olumala ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja. Tcheni chinali chikudumpha, ndipo teyala limodzi linali lomangidwa ndi mphira. Ndinapempha sipanala kwa Che Jafali, n'kugwada pomwepo. Nditamaliza mayiyo anati, "Yewo chomene, adada. Koma ngati manja anuwo alibe chochita, bwerani ku Masasa Lachiwiri. Ngati ine tilipo ambiri." Mayiyo anali NyaGondwe, telala, amene anapuwala miyendo ndi poliyo ali mwana.

Ku Masasa ndinapeza kabungwe kothandiza anthu ovutika kuyenda, kali m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu. Wolembedwa ntchito analipo mmodzi yekha, mkulu woyendetsa bungwe, a Mkandawire. Ena tonse tinali odzipereka. Pamwamba pa a Mkandawire panali komiti ya anthu asanu. Anandipatsa chikalata cha mgwirizano wa anthu odzipereka kuti ndisayine: kuti sindilipidwa koma azindipatsa yoyendera ndi chakudya cha masana, kuti za anthu amene tikuwathandiza ndi chinsinsi, ndiponso kuti ndikafuna kusiya ndidziwitse bungwe polemba kalata kudakali mwezi umodzi. Ndime yomalizayi ndinaiwerenga mothamanga. Ndinkadziwa kuti ine ku Masasa adzandichotsako ndi maliro.

Ndinkayesa kuti ntchito yake ndi ya mabuleki, masipoko ndi mabeleringi basi. Bungwe litanditumiza ku maphunziro ku Blantyre ndinazindikira kuti njinga ya olumala ili ngati mankhwala: yolakwika imapha. Munthu amayenera kuyezedwa, m'chiuno, kutalika kwa ntchafu, kutalika kwa msana. Kuseri kwa bondo pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Popondapo mapazi pakakwera kwambiri, thupi lonse limalemera pa mafupa awiri a m'matako. Ndipo munthu amene anathyoka msana samva kupweteka, amangozindikira bala litaboola kale. Choncho ukamukhazika pa khushoni umalowetsa dzanja pansi pake kuti umve ngati mafupawo akukanikiza. Umamuphunzitsa kudzinyamula kapena kuweramira kutsogolo pafupipafupi, umaphunzitsa abale ake kumutsitsa pa chitunda chammbuyo, ndipo pakapita masabata angapo umamuyendera kwawo. Nditabwerera ndinagwira ntchito pansi pa dokotala wa zolimbitsa mafupa wa kuchipatala kufikira atakhutira n'kundisayinira. Kuyambira pamenepo, pa fomu iliyonse yopempha njinga kwa anzathu akunja amene ankatitumizira, pa mzere wofunsa kuti adzayeze anthu ndani, pankalembedwa dzina langa.

Mwa anthu onse amene ndinawatumikira, amene ndinazolowerana nawo kwambiri anali a Msiska a ku Kaning'ina. Anali a macheka, ndipo mtengo unawagwera pamsana. Nyumba yawo inali kumunsi kwa chitunda, m'mphepete mwa nkhalango, kumene galimoto siifika. Anali munthu wa lilime lakuthwa, ankanditcha "Chiradzulu". Njinga yawo inkatha msanga chifukwa sankakhala pansi: ankapita kumunda, kumaliro, kumpira. Ndinaiwotcherera kambirimbiri, mpaka inafika poti zowotchererazo zinkachuluka kuposa chitsulo. Pa mndandanda wa oyembekezera njinga zatsopano za mu 2023, dzina lawo linali pamwamba.

2023: kalata

Tadala, iwe ukudziwa bwino chimene chinatinyamula. Mwamuna wako atamwalira unatsala ndi ana awiri ku Canada, dziko la eni, ukugwira ntchito ya unamwino usana ndi usiku. Yamikani anali ku Joni. Mayi anu shuga anali atayamba kuwadya maso. Mapepala otiitanira unali utawapereka kalekale, ndipo ife tinali titaiwala. Kenaka zinthu zinayenda mothamanga: kupita ku Lilongwe kukajambulitsa zala, kukayezedwa m'thupi, kukatenga kalata ya kupolisi. Unatifotokozera pa foni kuti chilolezo chikatuluka sitingachedwe, chifukwa chimatha mphamvu pamodzi ndi zoyezedwa m'thupi zija, ndipo tikaphonya tidzayambiranso pachiyambi. Chinali chisanatuluke, koma unati tikonzeke kunyamuka chaka chisanathe.

Mayi anu anandigwira dzanja tili pa basi yobwerera ku Mzuzu. "Bambo a Tadala, nkhaniyi isatuluke m'nyumba. Ulendo saulengeza. Anthu si onse okondwa, ndipo chikakanika tidzayenda bwanji mu Lupaso? Ku Masasako mudzawauze matikiti ali m'manja. Mwezi umodzi, si umene munasayinira?" Sankalakwa. Ndimo mmene anthu amachitira, ndipo mgwirizano unkanena zomwezo. Koma ine ndinkadziwa kuti mwezi umodzi umakwanira munthu wosesa kapena wolemba maina. Woyeza anthu sapezeka pa mwezi umodzi. Ndinawauza kuti ndikalankhula ndi a Mkandawire okha. Mayi anu anati, "Khutu la munthu mmodzi lili ndi makomo awiri." Kuchokera pa Jenda mpaka kufika ku Mzuzu sanandilankhulenso.

Kalatayo ndinailemba pamanja, yopita kwa a Mkandawire, ina yofanana nayo ya wapampando wa komiti. Ndinanena kuti ndikuyembekezera kusamukira kunja, kuti tsiku lenileni sindikulidziwa koma sipadutsa miyezi isanu, ndipo kuti nthawi yotsalayo ndikufuna kuigwiritsa ntchito posiyira wina. A Mkandawire anaiwerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Adada Chimwaza, mwatikoma," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti mwatipha. "Fomu ya njinga za chaka chino ikuyenera kupita mwezi uno. Njingazo zifika inu mutapita. Mzere uja ndilembapo ndani?"

Ndinati tiwauze anzathu akunjawo zoona, kuti woyeza akuchoka ndipo tikuphunzitsa wina.

"Akamva zimenezo aimitsa. Lamulo lawo mukulidziwa: palibe woyeza, palibe njinga. Adzazipereka ku boma lina, ife tidzadikira chaka china." Kenaka anatsitsa mawu. "Lero muli pano, eti? Lero ndinu woyeza wathu. Mukasayina lero simunaname. Kalata yanuyi ndiisunga mu dilowa, ndidzaitulutsa fomu itapita. Zikafika tidzaona chochita."

Musawaganizire zoipa a Mkandawire. Sankafuna kudyapo kanthu. Ankaganizira anthu amene ankabwera pakhomo lathu ataberekedwa kumsana ngati makanda, ndipo ena ankakwawa m'matope a Masasa atavala masilipasi m'manja. Inenso ndinkawaganizira, makamaka a Msiska. Ndinapempha kuti ndiyankhe Lachisanu. Masiku amenewo ndinayenda ngati munthu wosenza thumba lonyowa. Fomuyo sinkafunsa kuti woyeza alipo lero ndani, inkafunsa kuti adzayeze ndani. Ndipo ndinkadziwa chimene chingachitike njinga zikafika popanda woyeza: anthu akamva kuti zabwera sungawabweze, zimangogawidwa ngati mabulangete, wamng'ono kulandira yaikulu, wothyoka msana kulandira yopanda khushoni yoyenera. Mabala a njinga zogawidwa chotero ndinali nditawaonapo, ndipo ena mwa eni ake tinawaika m'manda. Lachisanu ndinawauza kuti sindisayina, ndipo ndinapempha kuti kalata yanga ipite ku komiti.

Kusiyira wina

Komiti inakumana Loweruka lotsatira. Kalata yanga inawerengedwa, inalandiridwa, n'kulembedwa m'maminitsi. Pofika Lamulungu, ku tchalitchi anthu ankatipatsa moni wa "a ku Canada". Mayi anu anapirira, koma kunyumba anandiuza kuti, "Mwasankha anthu a ku Masasa, ine mwandisiya pa mtetete." Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa chilolezo chinali chisanatuluke ndipo iwo ndi amene ankakumana ndi maso a anthu pa mjigo.

Pa msonkhanowo anandifunsa ngati ndili ndi munthu m'maganizo. Ndinatchula NyaGondwe. Kwa zaka zambiri ndiye ankasoka zovundikira makhushoni athu, tepi yoyezera inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo za mabala ankazidziwa pa thupi lake lomwe. Wapampando anafunsa funso loona: kodi munthu wa pa njinga akafika bwanji kumunsi kwa Kaning'ina nthawi ya mvula? Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti ntchito yanga igawidwe pawiri. Kuyeza, kukhazika munthu ndi kuphunzitsa zikhale za NyaGondwe. Kuwotcherera ndi kusintha zitsulo zizipita kwa wokonza njinga wina wa mumsika amene Che Jafali anamuvomereza. Ndipo pa maulendo a kumakomo bungwe lizilipira njinga yamoto. A Mkandawire analembera anzathu akunja zonsezi mosabisa. Yankho linabwera monga ananenera: njinga aziimitsa kufikira dokotala wa zolimbitsa mafupa atatsimikiza kuti woyeza watsopano wakhoza. Sanazipereke kwina, koma sananene kuti adikira mpaka liti.

NyaGondwe mwini wakeyo poyamba anakana. Ndinamupeza pa khonde la sitolo pamene ankasokera, makina akulira. "Adada, ine ndili ndi ana asukulu. Makinawa akaima, adya chiyani? Inu muli ndi penshoni. Kudzipereka n'kwa anthu okhuta." Ankanena zoona. Ndinabwerera ku komiti, ndipo anavomera kuti ntchito ya bungwe ikhale ya masiku awiri okha pa sabata, ndi kuti makhushoni onse a bungwe azisoka iye molipidwa. Atamva zimenezo anati, "Chabwino. Koma musandiphunzitse ngati mukundimvera chisoni. Ndikalakwitsa muzindiuza."

Maphunziro a ku Blantyre anapezeka mwezi wa Seputembala, ndipo anapita. Atabwerera tinayamba kugwira limodzi, iye akuyeza, ine manja ndili kumbuyo. Chinali chinthu chovuta kuposa kumasula injini: kuona munthu akuchedwa pa chinthu chimene iwe ungachite mosayang'ana, n'kukhala chete. Chilolezo chathu chinatuluka mu Okotobala, ndipo Tadala unagula matikiti a kumayambiriro kwa Disembala.

Masabata otsalawo anali a kutula katundu mmodzimmodzi. Ndinalemba m'buku za munthu aliyense zimene mafayilo sanena: kuti uyu amachita manyazi kuonetsa bala kwa mwamuna, kuti uyu amati ali bwino ngakhale zisali bwino ndipo muzifunsa mlongo wake, kuti kwa uyu muzidzera njira ya kumtunda mvula ikagwa. Ine ndi a Mkandawire tinawerenga zida za mu shedi yathu yokonzeramo njinga, tikusiyanitsa za bungwe ndi zanga. Zanga ndinazipereka ku bungwe, ndipo anandilembetsa kalata yonena kuti ndapereka mwakufuna kwanga, kuti mawa wina asadzazitenge ponena kuti ndinamulonjeza. Ndinali mmodzi mwa osayinira ku banki, choncho tinapita ndi maminitsi a komiti kukachotsa dzina langa n'kuika la msungichuma watsopano. Mu foni mwanga munali zithunzi za mabala a anthu zimene ndinkatumizira dokotala, ndi manambala awo. Tinazisamutsira mu kompyuta ya bungwe, kenaka ndinazifufuta a Mkandawire akuona. Pamene zithunzizo zinkazimiririka ndinamva ngati ndikutseka zitseko za nyumba za anthu, ine ndili kunja.

Chotsala chinali kuyendera anthu athu, kuwauza ndekha, ndi kuwaonetsa NyaGondwe. Ambiri ankamudziwa kale. Ena analira, ena anapempha kuti ndikawatumizire foni.

Ku Kaning'ina

Kwa a Msiska tinapita mvula yoyamba itagwa. NyaGondwe anakwera njinga yamoto, ine ina, ndipo pa chitunda chomaliza anyamata awiri oyendetsawo anamunyamula pa mpando wa pulasitiki. A Msiska tinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, akusema mpini. Nkhani inali itawafika kale, yonse, ndi ya fomu yomwe.

"Monire, a Msiska."

"Monire mwawene." Sanakweze maso. "Ndamva kuti njinga yanga mwaibweza, Chiradzulu."

Ndinafotokoza monga ndafotokozera pano. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika kasemasema pansi.

"Imwe mwaopa kunama pa pepala. Makora, chabwino. Pepalalo lili bwino tsopano, lagona pouma. Ine ndikhala pa chitsulo ichi mvula yonse. Inu anthu a kumwera mumabwera, mumatizoloweretsa, kenaka mumakumbukira kuti muli ndi kwanu. Tsopano kwanu kwasanduka Canada."

Ndinati mwana wanga ali yekha ndi ana amasiye, ndipo mkazi wanga akuchita khungu.

"Sindikuti musapite. Ndani angakane mwana? Ndikuti musandiuze kuti mwandichitira zabwino."

Sindinawauze zimenezo. NyaGondwe ndiye analowererapo. Anawalankhula m'Chitumbuka, mwaulemu koma mosanyengerera, kuti alowe m'nyumba awaone pakhungu. A Msiska anakana, amvekere mkazi sangawavule. Iye anati, "Adada, ine ndakhala pa mpando zaka zambiri kuposa inu. Chimene muli nacho kumbuyoko ndili nacho." A Msiska anaseka mosafuna, n'kulola, mkazi wawo ali pomwepo. Ine ndinatsala panja. Atatuluka NyaGondwe anandiuza kuti pa fupa la kumanzere pafiira, ndipo pakasindikizidwa sipakuyera. Bala linali likuyamba. Nsalu ya mpando inali italendewera pakati ngati chikwama, ndipo khushoni linali litaphwa.

Njingayo ndinapita nayo ku Masasa tsiku lomwelo. Ndinaika thabwa pansi pa mpando, ndinatsitsa popondapo mapazi, Che Jafali anapereka mabeleringi osafuna kulipidwa, ndipo NyaGondwe anadula khushoni latsopano la siponji yolimba, lokumba pamalo a mafupa. Inali ntchito yanga yomaliza mu shedi ija. Titaibweza tinawauza a Msiska kuti agone chammimba masiku ambiri mpaka pofiirapo patachira, ndipo tinalembera dokotala. Potsanzikana anandipatsa dzanja, koma anayang'ana kunkhalango. "Mwende makora," anatero, basi.

Tsiku lomaliza

Lachisanu lomaliza la Novembala a Mkandawire anandiitanira mu ofesi kuti tikambirane komaliza, monga amachitira ndi wodzipereka aliyense wochoka. Anandifunsa chimene bungwe lingakonze. Ndinati lisadzadalirenso munthu mmodzi, aphunzitse awiri. Analemba. Ndinapereka makiyi a shedi, chiphaso cha bungwe ndi jekete la mvula, n'kusayina kuti ndabweza. Iwo anandipatsa kalata yochitira umboni za zaka zimene ndinatumikira, ponena kuti mwina kunjako idzandithandiza. Kenaka anati, "Ndinakwiya nanu, adada. Mwina ndikadali wokwiya pang'ono. Koma mukanachoka mwakachetechete, bwenzi lero ndilibe njinga, ndilibenso NyaGondwe." Panja anakonza tiyi ndi mandasi, panali mapemphero ndi nyimbo. Mayi anu anabwera, ndipo anakhala pafupi ndi NyaGondwe. Madzulo ake ndinatuluka pa gulu la bungwe la pa foni, chifukwa pamenepo pamakambidwa za odwala ndipo ine sindinalinso wa m'bungwe. Pa nthawiyo dokotala anali asanamusayinire NyaGondwe; panatsala anthu angapo oti NyaGondwe awayeze dokotala akuonerera, ndipo dokotalayo ankapezeka kamodzi pa mwezi.

Canada, 2024

Tinafika m'chisanu chimene sindingathe kuchifotokoza. Mzuzu ndinkati ndi wozizira, ndinkanama. Ntchito yanga inasanduka kuperekeza adzukulu kokwerera basi ya sukulu, kuwalandira, ndi kuwerengera mayi anu mankhwala.

Mu Febuluwale a Mkandawire anandiimbira. A Msiska anali atamwalira. Sanapirire kugona chammimba. Kunagwa maliro a mbale wawo ndipo anakakhala pa njinga masiku onse a maliro. Bala linatseguka, linalowa mkati, ndipo pofika nawo kuchipatala linali litawononga magazi. Ndinafunsa ngati njinga yatsopano ikanawapulumutsa. A Mkandawire anati, "Sindikudziwa, adada. Inunso simudzadziwa." Ndinakhala pa bedi. Mayi anu anafufuza dzanja langa mpaka analipeza. Kukanakhala kuti ndabwereranso pa Lachisanu lija, fomu ija sindikanaisayina; koma ndikufuna mudziwe kuti kukana kwanga kunali ndi mtengo wake, ndipo si ine amene ndinakhala pa chitsulo mvula yonse.

Dokotala anamusayinira NyaGondwe mu Malichi, ndipo njinga zinafika mvula itatha. Tsiku loyamba kuyeza anthu, a Mkandawire anandiimbira pa vidiyo atapempha chilolezo kwa makolo a mwana amene ankayezedwa. Kuno kunali m'mawa, kumeneko dzuwa litapendeka. Ndinaona shedi, makatoni ataunjikidwa, anthu atakhala pa mabenchi. Pakati panali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, katakhala pa njinga yofiira, kakugwira mateyala ndi manja onse ngati wina akalanda. NyaGondwe anali pambali pake, tepi ili m'khosi. Ndinaona kuti mawondo a mwanayo akwera kwambiri.

"NyaGondwe," ndinakuwa, "popondapo mapazi apo..."

Sanatembenuke. Sipanala inali kale m'manja mwake, ndipo anali atayamba kumasula. Anatsitsa, anamanga, analowetsa dzanja pansi pa ntchafu ya mwanayo, kenaka pansi pa khushoni, akumufunsa kanthu m'Chitumbuka. Mwanayo anagwedeza mutu. Pamenepo ndiye NyaGondwe anayang'ana foni.

"Monire, adada. Amama ali uli? Muwapatse moni chomene. Koma pano mutikhululukire, anthu achuluka ndipo ena achokera kutali. A Mkandawire, dulani foniyo mudzandigwirire mwanayu."

Chithunzi chinagwedezeka, ndinaona denga la malata, kenaka foni inazima. Ndinakhala nayo m'manja kanthawi. Mayi anu anafunsa ali kuchipinda kuti anali ndani. Ndinati anali a ku Masasa, ndipo ali otanganidwa. Kenaka ndinavala jekete ndi chipewa, chifukwa adzukulu anali ataima kale pakhomo ndi zikwama zawo.